Chakudya cha m'chubu si madzi, chonde tiyeni timvane

"Ndine nesi, ndangoyamba kumene ku wodi ya odwala mwakayakaya. Wodwala wanga ndi wa 70 kg, amadya kudzera m'chubu cha m'mphuno, chakudya chake ndi cha 1.5 kcal/ml. Pampu ndiitchere pa liwiro lanji, nanga madzi otsukira chubu ndizimpatsa ochuluka bwanji?"

Asisita, imelo yanuyi yandigwira mtima, chifukwa funso la madzi limenelo ndi lomwe anthu ambiri safunsa n'komwe. Amatchera pampu, nambala ikuoneka bwinobwino, basi nkhani yatha.

Tinali ndi bambo ena pa wodi ina yomwe ndinagwirako, ali pa makina opumira, chakudya chikuyenda bwino, tchati choyera kwabasi. Ofika pa shifiti aliyense amangokopera zomwe mnzake walemba, zolowa zakuti zotuluka zakuti, ndiye popeza manambala amaoneka ngati akulingana palibe amene amadandaula. Koma mukawayang'ana bambowo lilime louma gwa, milomo yong'aluka, mkodzo m'thumba muja wochepa komanso wofiirira, thupi likutentha, kutsegula m'mimba kulinso pomwepo. Magazi atabwera sodiyamu ali pa 152. Anthu n'kumadabwa kuti zatheka bwanji pomwe munthu akulandira zoposa lita patsiku. Eee, lita ya chakudya, osati ya madzi! Chakudya chokhuthala cha 1.5 chija madzi ake amakhala pafupifupi 76 pa 100 alionse, pomwe cha 1.0 chimafika cha m'ma 84, ndipo zalembedwa pa botolo pomwepo koma ndi angati amalitembenuza kuwerenga kumbuyo. Munthu wogonekedwa ndi mankhwala sanganene kuti ndili ndi ludzu, ludzu lake timamvera ife pa tchati.

Ndipo ine pano ndafika ponena kuti kulemba chakudya chonse ngati madzi si kuiwala ayi, ndi ulesi. Chinanso chimene chimandiwawa ndi pulopofolo, mankhwala oyera ogonetsera aja ali m'mafuta, ml iliyonse ili ndi 1.1 kcal, ndiye akamayenda 10 ml pa ola mwampatsa kale munthu 264 kcal patsiku musanatsegule ngakhale botolo la chakudya. Osachotsera zimenezi mukumudyetsa mopyola, shuga n'kumakwera inu n'kumangothamangitsa ndi insulini. Nanga za mankhwala osinjidwa mosalala bwino n'kukankhidwa m'chubu opanda madzi, chubu n'kutsekeka pakati pa usiku... imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Masamu ake

Tiyerekeze kuti wodwala wanu wakhazikika, sali pa pulopofolo, ndipo adokotala agwirizana ndi 25 kcal pa kilo.

```
70 x 25 = 1750 kcal
1750 / 1.5 = 1167 ml
1167 / 24 = 49 ml/h
```

Ngati kwanuko mumapumitsa chakudya maola 4, gawani ndi 20, zikupatsani 58. Koma 49 imeneyo ndi komwe mukupita, si poyambira. Yambani pa 10 mpaka 20 ml pa ola, mutu wa bedi utakwezedwa madigiri 30 mpaka 45, muzikwezera pang'onopang'ono mukuona mimba ngati sikufufuma, ngati sakusanza. Ngati munthuyo wakhala masiku ambiri osadya chepetsaninso liwiro lokwezera ndipo fosifeti, potaziyamu ndi magineziyamu ziyezedwe tsiku ndi tsiku, zimatha kugwa mwadzidzidzi chakudya chikangoyamba ndipo mtima umasokonekera.

Madzi tiyambire pa 30 ml pa kilo, ndiye 2100 ml. Chakudya chikupereka 1167 x 0.76, pafupifupi 890 ml, kutsala cha m'ma 1210. Apa musathamangire sirinji, werengani kaye zonse zolowa pa mtsempha, dilipu, madzi osungunulira maantibayotiki, mapampu ang'onoang'ono onse aja. Tinene kuti zakwana 500 ml, zotsala ndi 710, mukagawa kasanu ndi kamodzi ndiye pafupifupi 120 ml maola 4 alionse, ndipo madzi otsukira popereka mankhwala muziwawerengera momwemo.

30 pa kilo imeneyo si lamulo. Wa impso zomwe zasiya kutulutsa mkodzo, wa mtima wofooka, kapena amene sodiyamu yake yatsika, adokotala amuchepetsera, mwina kungotsala 30 ml maola 4 alionse yoti chubu chisatsekeke. Wotentha thupi kapena wotsegula m'mimba afunika ochulukirapo. Sodiyamu ikadutsa 145 kauzeni adokotala awonjezere madziwo, koma isatsitsidwe kuposa 10 mpaka 12 patsiku poopa kutupitsa ubongo. Ndipo masamuwa muwabwereze mawa m'mawa, dilipu ikangochotsedwa 500 ija iyenera kulowera m'chubu.