Kodi Italiya Anachokera Kuti? Yankho kwa Mphunzitsi Wina

Kalata yomwe ndalandira sabata ino ikuti: "Achimwene, ndimaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale. Ana anga amaloweza kuti m'zaka za m'ma 1800 mtima wokonda mtundu wako unasintha mapu a ku Ulaya, koma akandifunsa kuti mtimawo unachokera kuti ndipo unasuntha bwanji malire, ndimangozungulira. Tandithandizeni."

Achemwali, zikomo polemba. Ulaya yense sindingamunyamule pamutu ulendo umodzi, ndiye nditenga dziko limodzi, Italiya, chifukwa pamenepo zonse zikuonekera poyera.

Muyambe mwawauza anawo kuti m'chaka cha 1780 mlimi wa ku Ulaya mukanamufunsa kuti ndi wa dziko liti, akanakutchulirani mudzi wake, tchalitchi chake ndi mfumu yomwe amakhomera msonkho. Maiko anali ngati minda ya mabanja achifumu. Mfumu inkatha kulandira chigawo chonse kudzera mu ukwati kapena cholowa, ndipo anthu okhalamo sankafunsidwa, ngakhale chilankhulo chawo chikhale chosiyana ndi cha mfumuyo. Zinthu zinagwedezeka ku Falansa mu 1789, pomwe oukira ufumu analengeza kuti mwini dziko ndi mtundu wa anthu, osati mfumu. Mawuwo akanatha kuthera pa pepala, koma mu 1793 boma latsopanolo linaitana amuna a dziko lonse kuti akamenye nkhondo, ndipo asilikali omenyera dziko lomwe ankati ndi lawo anagonjetsa asilikali a mafumu.

Napoleon ndiye anafesa mbewuyi kunja kwa Falansa, ndipo anaifesa pawiri. Atalowa mu Italiya mu 1796 anagwetsa mafumu ang'onoang'ono, n'kuphatikiza zigawo, n'kuika malamulo amodzimodzi m'madera omwe kale lililonse linali ndi ake. Maloya, asilikali ndi akalaliki a boma analawa kukoma kogwira ntchito m'dziko lalikulu momwe munthu amakwezedwa chifukwa cha luso. Komanso Napoleon yemweyo ankawakhometsa misonkho ndi kutenga ana awo kukafera ku nkhondo zake, zomwe zinawaphunzitsa kuwawa kolamulidwa ndi mlendo. Atagonja, mafumu anakumana ku Vienna mu 1814 ndi 1815 n'kubwezeretsa zakale. Italiya anadulidwanso zidutswa: Lombardy ndi Venetia kumpoto zinapita kwa Ositiriya, Tuscany, Parma ndi Modena zinapatsidwa kwa abale a mfumu ya Ositiriya, pakati panali dziko la Papa, kummwera kunali ufumu wa Naples ndi Sisili, ndipo kumpoto chakumadzulo kunali Piedmont, likulu lake Turin. Nduna yaikulu ya Ositiriya, Metternich, inafika ponena kuti Italiya ndi dzina la malo chabe, si dziko.

Choti musabise kwa ana anu n'chakuti Metternich sananame kwenikweni. Munthu wa ku Sisili ndi wa ku Turin akakumana sankamvana. Chitaliyana chomwe timachidziwa lero chinali chilankhulo cha m'mabuku, chochokera ku Tuscany, ndipo akatswiri amati pofika 1861 ochilankhula sankaposa munthu mmodzi mwa khumi, ena amati anali ochepa kwambiri kuposa apo. Anthu pafupifupi atatu mwa anayi alionse sankadziwa kuwerenga. Ndiye ganizo loti anthu onsewa ndi mtundu umodzi silinatuluke m'minda. Linabadwira m'mitu ya anthu ophunzira a m'tauni, n'kumayenda m'nyuzipepala, m'timabuku tozembetsa, ndi m'magulu a chinsinsi monga la Carbonari, lomwe linaukira mu 1820 ndi 1821 koma n'kuphwanyidwa ndi asilikali a Ositiriya. Mu 1831 Giuseppe Mazzini, ali ku Marseille komwe anathawira, anayambitsa gulu la achinyamata lofuna Italiya mmodzi wopanda mfumu. Iye ankakhulupirira kuti anthu wamba akangodzuka pamodzi, mlendo athawa.

Chaka choyesera ganizo limeneli chinali 1848. Ku Milan zinayamba ndi fodya. Boma la Ositiriya linkapeza ndalama zambiri pa fodya, ndiye mu Januwale anthu a mumzindawo anagwirizana zosiya kusuta. Asilikali a Ositiriya anayamba kuyenda m'misewu akusuta mwadala, akupemerera utsi kumaso kwa anthu, ndipo panabuka ndewu mpaka ena anafa. Pofika Malichi anthu anatseka misewu ndi mipando, ngolo ndi miyala, ndipo atamenyana masiku asanu, kuyambira pa 18 mpaka pa 22, mkulu wa asilikali Radetzky anatuluka mumzinda. Venice nayo inadzilamulira, ndipo mu 1849 ku Roma kunakhazikitsidwa boma lopanda mfumu Papa atathawa. Koma taonani mmene zinathera. Oukirawo sanagwirizane: ena ankafuna mfumu ya Piedmont, ena Papa, ena osafuna mfumu n'komwe, pomwe alimi ambiri ankangoonerera chifukwa palibe ankakamba za malo olima. Radetzky anasonkhanitsa asilikali ake n'kugonjetsa Piedmont ku Custoza mu 1848 ndi ku Novara mu 1849. Asilikali a Falansa analanda Roma n'kubwezera Papa pampando, ndipo Venice inagonja ndi njala ndi kolera mu Ogasiti 1849. Malire sanasunthe ngakhale phazi limodzi.

Apa ndi pomwe pagona yankho la funso lanu. Ganizo linkasonkha moto, koma omwe anasuntha malire anali maboma okhala ndi asilikali, ndalama ndi abwenzi akunja. Piedmont yokha ndi yomwe inasunga malamulo oyendetsera dziko omwe inapereka mu 1848, ndipo mu 1852 Camillo Cavour anakhala nduna yaikulu. Cavour sanali munthu wa m'misewu. Anamanga njanji, anakonza chuma, ndipo anadziwa kuti Piedmont payokha singagwetse Ositiriya. Mu 1855 anatumiza asilikali ku nkhondo ya ku Crimea, yomwe sinkamukhudza, kuti apeze mpando pa zokambirana za ku Paris mu 1856. Mu Julayi 1858 anakumana mwachinsinsi ndi mfumu ya Falansa, Napoleon III, ku Plombières, n'kugwirizana kuti Falansa idzathandiza ngati Ositiriya ndiye ayambe nkhondo. Cavour anaputa Ositiriya mpaka inalowa mumsampha mu 1859. Nkhondo za ku Magenta ndi Solferino mu Juni zinapatsa Piedmont chigawo cha Lombardy. Ku Solferino ovulala anali mbwee popanda owasamalira, ndipo zomwe Henri Dunant anaona kumeneko ndi zomwe zinabala bungwe la Red Cross. Napoleon III anasiya nkhondo msanga, Venetia n'kutsalabe m'manja mwa Ositiriya. Mu Malichi 1860 Tuscany, Parma, Modena ndi Romagna zinavota kulowa ku Piedmont, ndipo malipiro a Falansa anali zigawo za Savoy ndi Nice. Nice ndi kwawo komwe anabadwira Giuseppe Garibaldi, msilikali wotchuka womenyera Italiya mmodzi, ndipo iye sanamukhululukire Cavour pomusandutsa mlendo kwawo.

Garibaldi yemweyo ndiye anachita chomwe Cavour sanachikonzekere. Mu Meyi 1860 ananyamuka pafupi ndi Genoa ndi anthu ongodzipereka pafupifupi 1,000 m'sitima ziwiri za pamadzi, ambiri a iwo ophunzira, maloya, madokotala ndi amisiri a kumpoto, atanyamula mfuti zakalekale. Anakocheza ku Marsala, ku Sisili, pa 11 Meyi. N'chifukwa chiyani kagulu kotere kanagonjetsa ufumu wa asilikali zikwizikwi? Alimi a ku Sisili anali atatopa kale ndi msonkho wa pachigayo komanso eni minda ikuluikulu. Garibaldi anachotsa msonkhowo n'kulonjeza malo, ndipo alimi anamutsata. Iwo ankamenyera minda, iye ankamenyera Italiya, ndipo kusiyana kumeneku kunaonekera mu Ogasiti m'tauni ya Bronte. Alimi kumeneko anaukira eni malo n'kupha ena mwa iwo, ndipo wachiwiri wa Garibaldi, Nino Bixio, anafika n'kuweruza mwachangu, anthu asanu n'kuwomberedwa. Nkhani ya Bronte imandikhudza mtima nthawi zonse ndikaiwerenga, chifukwa anthu osaukawo anamva mawu oti ufulu n'kuganiza kuti akunena za munda.

Pa 7 Sepitembala Garibaldi analowa mu Naples pa sitima ya pamtunda, mfumu itathawa. Cavour, poopa kuti kummwera kukhala dziko la otsatira Mazzini, anatumiza asilikali a Piedmont kudutsa m'dziko la Papa. Pa 26 Okutobala Garibaldi anakumana ndi mfumu ya Piedmont, Victor Emmanuel, pafupi ndi Teano n'kupereka zonse zomwe analanda. Ku Sisili voti yolowa mu ufumu wa Victor Emmanuel inatuluka 432,053 ovomera ndi 667 okana, koma kuvota kwake kunali kwa poyera, aliyense akuona komwe waponya, ndiye ana anu asatenge manambalawa ngati mtima weniweni wa anthu. Ufumu wa Italiya unalengezedwa pa 17 Malichi 1861. Mfumu inapitiriza kudzitcha Victor Emmanuel wachiwiri, monga ankawerengera ku Piedmont, ngakhale inali yoyamba ya Italiya. Malamulo, misonkho ndi kupita ku usilikali mokakamizidwa za ku Piedmont zinafalitsidwa dziko lonse, ololedwa kusankha aphungu anali anthu awiri okha pa 100 alionse, ndipo kummwera kunabuka nkhondo ya m'mapiri yomwe boma linkati ndi ya zigawenga, n'kutumizako asilikali oposa 100,000.

Zigawo zotsalazo zinabwera pamsana pa Purashiya, ufumu wamphamvu wa Ajeremani. Mu 1866 Italiya anagonja pamtunda ndi panyanja, koma anapatsidwabe Venetia chifukwa bwenzi lake Bismarck, nduna yaikulu ya Purashiya, anagonjetsa Ositiriya. Mu 1870 Falansa inachotsa asilikali ake ku Roma kuti akalimbane ndi Purashiya, ndipo pa 20 Sepitembala asilikali a Italiya anaboola khoma la mzindawo n'kulowa. Nkhondo ziwiri zomwezo ndi zomwe zinamanga Jeremani, yemwe mu 1815 anali timaiko 39, ndipo ufumu wake unalengezedwa ku Versailles pa 18 Januwale 1871.

Pomaliza muwaonetse anawo mapu awiri, a 1815 ndi a 1878, chifukwa ganizo lomwe linalumikiza Italiya ndi Jeremani ndi lomwelo linang'amba maufumu a mitundu yambiri. Girisi anachoka mu ufumu wa Otomani cha m'ma 1830, Belijiyamu anapatukana ndi Holande mu 1830, Ositiriya anakakamizika kugawana ulamuliro ndi Hangare mu 1867, ndipo msonkhano wa ku Berlin mu 1878 unavomereza Sebiya, Romaniya ndi Montenegro kukhala maiko odziimira paokha. Kenako muwafunse kuti afufuze Polande pa mapu a 1878. Sadzamupeza. Apolishi anali ndi chilankhulo chimodzi, olemba ndakatulo ndi anyamata okonzeka kufa, ndipo anaukira Rasha mu 1830 ndi 1863, koma panalibe boma lamphamvu lomwe linawatumizira asilikali monga Falansa inachitira ku Piedmont. Dziko lawo linabwerera pa mapu mu 1918, maufumu atatu omwe analigawana, Rasha, Jeremani ndi Ositiriya, atagwa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse.