Mtengo wabisika kuseri kwa mabatani: kujambula kanema woimirira wa pafoni

Kalata yasabata ino yachokera kwa mayi wina wosoka zovala ku Lilongwe. Akuti: "Ndimajambula madiresi a chitenje amene ndasoka n'kuika pa TikTok, Facebook ndi pa Status. Ndikamakonza mu CapCut zonse zimaoneka bwino, koma ndikangoika, mtengo ndi nambala yanga zimaphimbika ndi zolemba za TikTok. Komanso anthu saonera mpaka kumapeto. Ndikulakwitsa pati?"

Mayi, vuto lanu likuyambira pa nthawi yojambula, CapCut ikungolandira zimene kamera yaipatsa. Kanema woimirira amakhala wa 9:16, kutanthauza mapikiselo 1080 m'lifupi ndi 1920 m'litali. Mu CapCut mumaona malo onsewo ali mbee, koma malowo si anu nokha. Pamwamba pamakhala nthawi, batire ndi mitu ya pulogalamuyo. Kumanja kumatsika mndandanda wa mabatani: chithunzi chanu, kamtima, ndemanga ndi kamuvi kotumizira ena. Pansi ndiye podzaza kwambiri, chifukwa pamakhala dzina lanu, mawu amene mwalemba poika kanemayo, ndi dzina la nyimbo. Mawuwo akatalika, amakwera m'mwamba n'kudya malo ena. Anthu ambiri amaika mtengo pansi penipeni poganiza kuti pamenepo susokoneza chovala, osadziwa kuti auika pamalo a eni ake.

Kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook, imalangiza otsatsa malonda pa Reels, makanema aafupi a pa Facebook ndi Instagram, kuti asalembe kanthu pa magawo 14 mwa 100 a pamwamba, 35 mwa 100 a pansi, ndi 6 mwa 100 mbali iliyonse. Tikawerengera pa 1080 ndi 1920, ndiye kuti musiya mapikiselo pafupifupi 270 pamwamba, 670 pansi ndi 65 m'mbali. Muyeso umenewu ndi wa zotsatsa zolipira, zimene zimakhala ndi batani lina pansi, choncho ndi wokhwimirapo kuposa umene kanema wamba amafuna. N'chifukwa chake ndimaukonda: mukautsatira, kanema mmodzi yemweyo amakwanira pa TikTok, pa Reels ndi pa Status osakonzanso. Kumanja kokha wonjezerani mufike cha m'ma 140 chifukwa cha mabatani aja. M'mbalimo mulinso chifukwa china. Mafoni ambiri a masiku ano ndi aatali kuposa 9:16, ambiri ndi 9:20, ndiye pulogalamu ikafuna kudzaza sikirini imakuza kanemayo n'kumeta m'mbali. Chilembo choyamba cha mzere wanu chingathe kusowa pa foni ya kasitomala ngakhale pa foni yanu chikuoneka.

Simufunika kuwerenga mapikiselo pojambula. Lowani m'makonzedwe a kamera muyatse Grid (mafoni ena amalemba Grid lines kapena Gridlines). Pabwera mizere iwiri yopingasa yogawa chithunzi patatu. Wam'mwamba uli pa 640, wam'munsi pa 1280. Malire athu a pansi aja ali pa 1250, omwe ndi pafupifupi pa mzere wam'munsiwo. Lamulo lake n'losavuta: chilichonse chimene munthu ayenera kuwerenga kapena kuchionetsetsa chikhale pamwamba pa mzere wam'munsi. Pansi pa mzerewo pazikhala zinthu zoti zitaphimbika palibe amene angadandaule, monga simenti, tebulo kapena miyendo ya mpando.

Kwa munthu wongolankhula, maso amaikidwa pa mzere wam'mwamba ndipo zolemba zimakhala pachifuwa. Kwa inu zimenezo sizingagwire, pakuti pachifuwapo ndi pamene pali kolala ndi mabatani amene mukugulitsa. Inu bwererani m'mbuyo mpaka nsonga ya mutu wa wovalayo ifike pa mzere wam'mwamba. Pamwamba pa mutu patsala danga la khoma, kuyambira pa 270 kufika cha m'ma 600, ndipo m'menemo ndi momwe muzilemba mtengo. Khomalo likhale la mtundu umodzi. Mukaimika munthu kutsogolo kwa zitenje zopachikidwa, zilembo zimamira m'maluwa a nsalu. Mutu ukakhala pa mzere wam'mwamba, mpendero wa diresi ugwera m'dera lophimbika lija, ndipo musalimbane nazo. Mpenderowo mujambule pawokha, mwapafupi, uli pakati pa chithunzi.

Foni muigwire choimirira kuyambira pachiyambi. Mukajambula chogoneka pa 1080p n'kudzadula pambuyo, mumatsala ndi kachidutswa ka mapikiselo 608 m'lifupi, kamene kakakuzidwa kamaoneka mbuu, ulusi wa nsalu osaonekanso. Foni ikhale pa msinkhu wa chifuwa cha wovalayo ndipo isapendekeke. Mukajambula muli chiimire n'kuiweramitsa, mutu umakula miyendo n'kufupika, diresi n'kuoneka ngati munalakwitsa muyeso. Gwiritsani ntchito 1x, osati 0.5x imene imapinda zinthu za m'mphepete. Dinani pa chovalacho osachotsa chala mpaka kuwala ndi kuona kwa kamera kumangike (pa iPhone pamabwera mawu akuti AE/AF LOCK), apo ayi wovalayo akangotembenuka chithunzi chiziwala n'kumada. Ndipo pukutani galasi la kamera. Foni yokhala m'thumba la epuloni tsiku lonse imakhala ndi mafuta a m'manja, ndipo chifunga chimenecho palibe pulogalamu imene ingachichotse.

Ngati mukujambula m'shopu ndi mababu, mwina mwaonapo mizere yakuda ikuyenda pa kanema kapena kuwala kukuphethira. Magetsi a ESCOM ndi a 50 Hz, ndipo mababu ena amaphethira motsatira liwiro limeneli, pamene mafoni ambiri amajambula pa 30 fps kapena 60 fps, kutanthauza zithunzi 30 kapena 60 pa sekondi. Ziwirizi zikasemphana ndi pamene mizere ija imabwera. Sankhani 25 fps ngati foni yanu ili nayo. Pa iPhone muyambe mwayatsa Show PAL Formats pansi pa Record Video. Koma chabwino koposa ndi kuzimitsa babu n'kuimika munthuyo moyang'ana pakhomo kapena pazenera, inu kuwala kuli kumbuyo kwanu. Mitundu ya chitenje imatuluka bwino ndi kuwala kwa dzuwa la pamthunzi.

Tsopano tiyeni tikonze kanema wa diresi imodzi, wa masekondi 20. Mujambule tizidutswa 6, kalikonse masekondi 5 kapena 6, ngakhale mudzagwiritsa ntchito theka lake lokha, koma komaliza kokha kapitirire masekondi 8. Masekondi owonjezerawo ndi otaya, chifukwa poyamba ndi pomaliza dzanja limagwedezeka mukamadina batani. Mujambule wovalayo akutembenuka thupi lonse likuoneka, kenako kolala, mkono, zipi yakumbuyo, mpendero, pomaliza ataima akuyang'ana kamera.

Mu CapCut, musanachite china chilichonse, sankhani 9:16. Kachidutswa koyamba kakhale ka kutembenuka kaja, ndipo muyambire pamene siketi yayamba kale kuuluka, osati pamene munthu akudikira kuti mumuuze "yambani". Ikani mzere woyera pamalo pamenepo, dinani Split, kachigawo kakutsogoloko muchotse ndi Delete. Masekondi awiri oyambirirawa ndi amene amachititsa munthu kuima kapena kupitirira. Moni wautali, chizindikiro cha shopu chikuzungulira, kapena mawu oti "takulandirani" zonsezi zimadya nthawi imene woonera akufunsa kuti kodi muli chiyani muno. Muonetseni diresi yomalizidwa nthawi yomweyo, pamwamba pa mutu palembedwe mawu ochepa, monga "Diresi ya chinkhoswe".

Kuyambira sekondi yachiwiri mpaka ya 12 pabwere tapafupi tija: kolala masekondi atatu, mkono awiri, zipi atatu, mpendero awiri. Musawayeze mofanana ngati mukudula nsalu ya yunifolomu. Kolala yokhala ndi mikanda imafuna nthawi kuti diso liyendepo, pamene mkono wamba umaoneka kamodzi n'kutha. Dulani pamene pali kuyenda, monga dzanja likukoka zipi, chifukwa diso likamatsatira chinthu siliona kuti mwadula. Zokongoletsa za pakati pa tizidutswa, zozungulira ndi zong'anima zija, zisiyeni. Zimatenga theka la sekondi chilichonse ndipo zimabisa chovala. Pa tapafupiti musalembe kanthu.

Masekondi 8 otsalawo ndi a malonda, ndipo apa m'pamene liwiro liyenera kutsika. Kufulumira kumathandiza pa zoona ndi maso, koma pa zowerenga kumawononga. Wovalayo ataima, lembani mtengo pakhoma paja, tinene kuti K35,000, ukhale masekondi atatu. Kenako nambala ikhale masekondi asanu. Nambala zathu zili ndi manambala 10, ndiye muziwagawa anayi, atatu, atatu kuti munthu agwire msanga. Poyesa ngati nthawi yakwana, werengani mokweza kawiri mosathamanga. Zikachoka musanamalize, talikitsani. Mzere umodzi usapitirire zilembo 20 kapena 22, mizere isapitirire iwiri. Mawu athu a Chichewa ndi aatali, "tidzakubweretserani" yekha watsala pang'ono kudzaza mzere, choncho musachepetse zilembo kuti chiganizo chikwane, chepetsani chiganizocho. Sankhani zilembo zonenepa zoyera, muikire Stroke yakuda kapena Background. Zilembo zopyapyala zopindikapindika zimafufutika WhatsApp ikapanikiza kanema.

Ngati mukulankhula m'kanemamo, dulani malo opumira ndi ma "eee" onse, koma musiye kampata kakang'ono mawu asanayambe. Mukadula mothinitsa, "mw" wa "mwaona" amadyeka ndipo zimamveka ngati netiweki ikuduka. Pamene mwadula, mutu umaoneka ngati wadumpha. Kuzani kachidutswa kotsatirako pang'ono, kufika 110 kapena 115 mwa 100, kuti zioneke ngati mwasintha dala. Kupitirira 120 pa kanema wa 1080p chithunzi chimayamba kufooka.

Potulutsa sankhani 1080p ndi fps yomwe munajambulira. Kanema wa masekondi 20 pa 8 Mbps amalemera pafupifupi 20 MB, zomwe bandulo ingapirire. 4K ingokudyerani deta, pakuti mapulogalamuwa amakapanikizanso. Ikani kanema wochokera mu CapCut pamalo aliwonse paokha. Musatsitse wa pa TikTok n'kukamuika pa Status, chifukwa amakhala wapanikizidwa kale ndipo amabwera ndi chidindo choyendayenda chimene chingakhale pa mtengo wanu. Potumizira mnzanu woti akaike, tumizani pa WhatsApp ngati Document.

Musanaonetse anthu, ikani kanemayo pa TikTok moti muone nokha, ndi mawu onse amene mukufuna kulemba pansi pake, chifukwa kutalika kwa mawuwo ndiko kumasuntha malire. Muoneni ngati kasitomala. Mukakhutira mutsegulire onse, kenako mubwereke foni ya mtundu wina, makamaka yaing'ono yotchipa ngati imene makasitomala anu ambiri ali nayo, muonenso ngati K ya mtengo ndi 0 woyamba wa nambala zilipo.