Maiyafoni amodzi, laputopu ndi foni: mungawagawe bwanji osavutika

"Achimwene, ndimakhala ku Mangochi boma. Madzulo ndimaphunzira pa Zoom ndi laputopu, koma nthawi yomweyo makasitomala anga a usipa ndi chambo amandiimbira pa foni. Maiyafoni anga opanda waya akalumikizana ndi laputopu, foni imalira ine osamva. Ndikawabweza ku foni, ku laputopu amakana mpaka ndiwafufute n'kuyambiranso. Kodi ndigule ena?"

Achemwali, musathamangire kugula. Tiyambe tadziwa mtundu wa maiyafoni omwe muli nawo, chifukwa chochita chagona pamenepo.

Pa Bluetooth pali kudziwana ndipo pali kulumikizana, ndipo anthu ambiri amaziphatikiza. Kudziwana kumachitika kamodzi, tsiku lomwe mwasankha dzina la maiyafoni pa foni kapena pa laputopu koyamba. Pafupifupi maiyafoni onse amakumbukira zipangizo zingapo. Kulumikizana ndi pamene mawu akudutsa panopa, ndipo maiyafoni ambiri otsika mtengo amalumikizana ndi chipangizo chimodzi basi. Ena amagwira ziwiri nthawi imodzi. Pa katoni yake kapena mu apu yake pamalembedwa "Multipoint" kapena "Dual Connection". Ngakhale amenewa saimba mawu a mbali zonse pamodzi: amamvetsera kuwiri, koma amakupatsani kumodzi, ndipo foni ikalira amaika foniyo patsogolo.

Katoni mwina munataya kale, ndiye yesani chonchi. Lumikizani maiyafoni ndi foni, kenako zimitsani Bluetooth pa fonipo. Alumikizeni ndi laputopu. Mukaona kuti palembedwa "Connected", yatsaninso Bluetooth ya foni n'kudina dzina la maiyafoniwo. Tsopano yang'anani laputopu. Ngati "Connected" akadalipo uku ndi uku, anu ndi ogwira kuwiri. Ngati laputopu yataya pomwe foni yagwira, kapena foni yakanika kulowa, ndi a kumodzi. Ngati ali ndi apu yawo, suzumiranimo musanagamule, chifukwa ena amabwera mbaliyi ili yozimitsa. Mwachitsanzo, pa a Sony ena muyenera kuyatsa nokha pomwe palembedwa "Connect to 2 devices simultaneously".

Tiyerekeze kuti mwapeza kuti amagwira kuwiri. Apa ndi pomwe ambiri amakhumudwa, chifukwa amayembekeza kuti zonse ziziyenda zokha. Muli m'kalasi, mphunzitsi akufotokoza, mwadzidzidzi mawu aduka kwa masekondi angapo n'kubwerera. Nthawi zambiri si netiweki ayi. Ndi uthenga wa WhatsApp umene walowa pa foni. Kulira kwake kochepako kwachititsa maiyafoni kuganiza kuti foni yayamba kuimba, ndiye athamangira komweko. Kwa munthu wa geni amene magulu ake sagona, kalasi yonse imangokhala yodukaduka. Mungadziwe kuti vuto ndi limeneli ngati chithunzi cha mphunzitsi chikuyenda bwinobwino pomwe mawu aduka, ndipo foni yawala nthawi yomweyo.

Chimene ine ndimalangiza ndi kugawa ntchito. Pa foni ya Android, kaya Tecno, itel kapena Samsung, lowani ku Settings, pitani pa Bluetooth, dinani kachizindikiro kali pambali pa dzina la maiyafoni. Mupeza mabatani awiri: "Phone calls" kapena "Calls", ndi "Media audio" kapena "Audio". Zimitsani lachiwirilo, loyambalo lisiyeni. Mukatero foni idzalowa m'makutu mwanu pokhapokha munthu akuimba, ndipo mavidiyo ndi timauthenga tamawu zidzatsala pa sipika ya foni. Laputopu itenga zina zonse. Mukaweruka mukufuna nyimbo za pa foni, yatsaninso batanilo. Ngati simukufuna kukhudza mabataniwa, kumbukirani kuimitsa kaye zomwe zikuimba pa laputopu musanayambitse za pa foni, chifukwa maiyafoni ena sasiya mbali imene ikulankhulabe.

Tsopano za Zoom, pakuti vuto lanu lenileni lili apa. Maiyafoni ali ndi njira ziwiri zodutsira mawu. Ina ndi ya nyimbo, mawu ake ndi abwino koma ndi yongomvera. Ina ndi ya kuimbirana, imatsegula maikolofoni koma mawu amachepa mphamvu, amamveka ngati a pa foni wamba. Zoom ikagwiritsa ntchito maikolofoni a m'maiyafoni, laputopu imakhala yatenga njira ya kuimbirana, yomweyo imene kasitomala wanu akufuna akamaimba. Apa maiyafoni amasiyana makhalidwe: ena amakudulani m'kalasi, ena amangokhala chete foni n'kumalira payokha. Pofuna kupewa mkanganowu, lowani mu Settings ya Zoom, pa Audio. Pa "Speaker" sankhani maiyafoni, koma pa "Microphone" sankhani maikolofoni a laputopu yomwe. Pa Windows 10 dzina la maiyafoni limaoneka kawiri, lina lothera ndi "Stereo", lina "Hands-Free AG Audio". Tengani la "Stereo". Mudzamva mphunzitsi bwino kuposa kale, ndipo njira ya foni idzakhala yotseguka. Choipa chake n'chakuti maikolofoni a laputopu amatola phokoso la m'nyumba, makamaka fani, ndipo ndi kutentha kwa kunyanja kuno ndikudziwa kuti fani simungaizimitse. Muziwatseka pa "Mute" pamene simukulankhula.

Tione mmene zikhalire. Kalasi ili mkati, mayi wa ku Limbe akuimba kufunsa ngati katundu wakwera. Mukumva kulira m'makutu, mwaonetsetsa kuti muli pa "Mute" kuti kalasi isamve mitengo yanu, mwayankha pogogoda iyafoni. Mukamaliza, dikirani masekondi angapo, mawu a kalasi abwerera okha. Akapanda kubwerera, musafufute kanthu. Laputopu yangobweza mawu ku sipika yake. Dinani chizindikiro cha sipika pansi kudzanja lamanja, musankhenso maiyafoni.

Nanga ngati anu ndi a kumodzi? Siyani kuwafufuta. "Remove device" pa laputopu ndi "Forget" kapena "Unpair" pa foni zimathetsa kudziwana kuja, n'chifukwa chake mumayambiranso nthawi zonse. Chimene mukufuna ndi "Disconnect". Maiyafoni otere mukawatulutsa m'kabokosi amafunafuna chipangizo chimene anali nacho komaliza, ndipo Bluetooth imafika pafupifupi mamita 10, choncho laputopu yosiyidwa yoyaka kuchipinda imawagwira inu muli pakhonde ndi foni. Masulani kaye kumene ali, kenako dinani dzina lawo kumene mukuwafuna. Pa Windows 11 dinani `Win + A`, pa Windows 10 `Win + K`, mufika msanga pamndandanda wa zipangizo. Koma kunena zoona, foni ikulira simungakwanitse zonsezi kasitomala asanadule. Nthawi ya kalasi asiyeni pa laputopu, foni ikhale patebulo yokweza mawu, muziyankha pamanja mutavula iyafoni imodzi.

Ngati mwaona kuti mafoni ndi ochuluka moti n'kofunikadi kugula ena, pitani kusitolo ndi laputopu ndi foni zonse, muyese mayeso ndafotokoza aja musanapereke ndalama. Musatengeke ndi dzina lokha. AirPods amasintha okha pakati pa zipangizo za Apple za akaunti imodzi, koma pa laputopu ya Windows ndi foni ya Tecno muzisinthabe pamanja.

Chinanso, ngati laputopu imamwa bandulo ya foni kudzera pa hotisipoti ndipo mawu akukanda ngakhale palibe uthenga walowa, dziwani kuti Bluetooth ndi hotisipoti zambiri zimayenda pa 2.4 GHz zonse, ndiye zimapanikizana. Lumikizani foni ku laputopu ndi waya wotchajira umene umadutsitsanso deta, muyatse "USB tethering". Foniyo iziyamba kutchaja pomwepo kalasi ili mkati.