Wina watsegula tsamba labodza m'dzina la bizinesi yanga, ndiyambire pati?

"Ndimagulitsa zikwama ndi nsapato pa Facebook ndi pa Instagram. Wina watsegula tsamba lokhala ndi dzina lofanana ndi langa, watenga zithunzi zanga zonse, ndipo akumalembera makasitomala anga kuti atumiziretu ndalama. Mayi wina watumiza kale, ndiye akukalipira ine. Ndapempha anzanga onse kuti alipange lipoti, koma tsambalo lilipobe. Ndithandizeni, nditani?"

Pepani kwambiri, mayi. Ndikudziwa kuti mtima wanu uli pa kuchotsetsa tsambalo, koma ndikupempheni kuti zimenezo ziyambe zadikira kaye pang'ono. Kuchotsa tsamba kuli m'manja mwa eni Facebook, ndipo atha kuchita lero kapena kukuzengerezani. Komanso wakubayo akamutsekera, palibe chomuletsa kutsegula lina mawa lake. Chimene chili m'manja mwanu ndi kuonetsetsa kuti kasitomala wina asatumizenso ndalama. Tsono ntchito iyende chonchi: umboni choyamba, chenjezo tsiku lomwelo, lipoti pambuyo pake.

Umboni ukuyamba chifukwa munthuyo akangodziwa kuti mwamutulukira, amakubulokani. Akatero simuthanso kuliona tsambalo, ndipo ambiri amasangalala poganiza kuti lachotsedwa, pamene likubabe anthu. Choncho musamulembere uthenga, musamukalipire m'makomenti. Tsegulani tsambalo mwakachetechete, mujambule sikirini ya foni pamene pakuoneka dzina, chithunzi cha pamwamba, mapositi ndi nambala yomwe akulandirira ndalama. Kenako kopani linki ya tsambalo ndi ya positi iliyonse yomwe ili ndi chithunzi chanu, muzisunge pamalo amodzi. Linki ndi yofunika kuposa dzina, chifukwa dzina limasinthidwa mosavuta, ndipo fomu zodandaulira zimafunsa linki. Ngati anakubulokani kale, bwerekani foni ya m'bale wanu.

Muli pomwepo, yang'anitsitsani dzina lolembedwa pa linkiyo. Tiyerekeze kuti lanu ndi `zikwama.zabwino`. Labodza limakhala ngati `zikwama_zabwino` pa Instagram, kapena `zikwama.zabwin0`, pomwe chilembo chomaliza achisintha n'kuika nambala 0. Pa sikirini yaing'ono ya foni, munthu amene ali pa changu sangazindikire. Onaninso tsiku limene tsambalo linatsegulidwa. Pa Facebook limapezeka pansi pa Page transparency, ndipo pa Instagram pa About this account, pomwe pamaonekanso ngati dzina linasinthidwapo. Zithunzi angabe, dzina angatengere, koma tsiku limeneli sangalibweze m'mbuyo. Lanu likakhala la zaka zingapo, lake la mwezi uno, muli ndi chinthu chooneka chimene kasitomala aliyense angathe kutsimikiza yekha.

Tsopano chenjezo, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ambiri amataya mwayi. Amalemba kuti "Chenjerani ndi akuba, pali tsamba labodza," basi. Uthenga wotere umachititsa mantha koma suthandiza. Kasitomala akalandira uthenga usiku kuchokera ku dzina lanu, wokhala ndi chithunzi chanu, adziwa bwanji kuti si inu? Choipa kwambiri n'chakuti wakubayo amatha kukopera chenjezo lomwelo n'kuliika pa tsamba lake, n'kumati labodza ndi lanu. Chenjezo labwino limapatsa munthu lamulo loti ayesere nalo uthenga uliwonse, ngakhale wochokera ku tsamba lachitatu lomwe silinatsegulidwe n'komwe. Mutha kulemba motere:

"Makasitomala athu, pali tsamba lina lomwe likugwiritsa ntchito dzina ndi zithunzi zathu. Si lathu. Dzina lathu lenileni ndi `zikwama.zabwino`, lili ndi kadontho pakati. Ife sitiyamba kukulemberani kuti mutumize ndalama, ndipo sitipempha nambala yachinsinsi iliyonse. Ndalama timalandirira pa nambala imodzi yokha, yomwe ili pamwamba pa tsamba lino. Musanalipire, tiimbireni. Ngati mwatumiza kale ndalama ku tsamba linalo, tiuzeni lero."

Mwaona kuti mu uthengawu mulibe linki ya tsamba labodza. Musaiike, ndipo musalitage. Anthu amadina chilichonse, ena amakathera politsatira, inuyo n'kukhala mwamupititsira anthu. Ikani chithunzi cha tsambalo, mutalembapo mawu akuti LABODZA ndi zilembo zazikulu modutsa pakati, kuti chithunzicho chikamazungulira popanda mawu anu chizidzifotokoza chokha.

Positi imeneyi muikhomere pamwamba pa tsamba lanu kuti isakwiririke, muiikenso pa Status ya WhatsApp ndi pa Stories. Koma dziwani kuti positi siifika kwa aliyense amene amakutsatirani. Anthu amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi amene alemba komenti posachedwa kufunsa mtengo, chifukwa wakubayo amawerenga makomenti anu n'kumatsata mayina amenewo mmodzimmodzi. Munthu wafunsa za chikwama masana, madzulo walandira uthenga wakuti "chikwama chija chatsala chimodzi, tumizani msanga," ndiye akayikire chiyani? Anthu amenewa, pamodzi ndi amene ali ndi maoda osamalizika, alembereni paokhapaokha. Ngati mungathe, jambulani kavidiyo kakafupi mukulankhula nokha, mutanyamula katundu wanu. Nkhope ndi mawu anu makasitomala akale amazidziwa.

Chinthu china choti musamale nacho: musasindikize dzina la munthu limene limatuluka pa nambala yolandirira ndalama ija n'kumati wakuba ndi ameneyu. Nambala zotere nthawi zina zimakhala zolembetsedwa ndi chiphaso cha munthu wina wosadziwa kanthu. Dzinalo kalipereke kupolisi.

Tibwere ku lipoti. Anzanu anachita bwino kukuthandizani, koma Facebook yokha imanena kuti kuchuluka kwa malipoti si kumene kumachititsa kuti chinthu chichotsedwe. Chimene amayang'ana ndi ngati chaphwanya malamulo awo. Ndiye ngati wina anasankha kuti ndi Spam, wina kuti sakulikonda chabe, woona lipotilo amapeza tsamba logulitsa zikwama looneka labwinobwino, n'kulisiya. Lipoti liyenera kulowera pa khomo loyenera. Dinani timadontho titatu pa tsambalo, musankhe Report, kenako mawu onena zodzionetsa ngati munthu wina. Mawuwa amasinthasintha, koma yang'anani okhala ndi pretending to be, ndipo akafunsa kuti akudzionetsa ngati ndani, sankhani bizinesi n'kuloza tsamba lanu lenileni. Makasitomala amene analandira uthenga wopempha ndalama apange lipoti kuchokera mu uthenga momwemo, asankhe zachinyengo, chifukwa umboni wa kuba uli m'menemo, osati pa tsamba. Ngati nkhani inasamukira pa WhatsApp, apangenso lipoti nambalayo. Akatero, mauthenga asanu omalizira a munthuyo amatumizidwa kwa eni WhatsApp. Yankho la lipoti lanu la pa Facebook mulipeza mu Support Inbox, ndipo akakana, onani ngati pali mwayi wopempha kuti aunikenso.

Pali khomo lachiwiri limene ine ndimalidalira kwambiri pa nkhani ngati yanuyi, la umwini wa zithunzi. Kutsimikizira mlendo kuti pa masamba awiri ofanana lenileni ndi liti n'kovuta. Kusonyeza kuti chithunzi ichi munachijambula ndinu, ndipo munachiika pa tsamba lanu miyezi yambiri iye asanachiike, n'kosavuta. Kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook ndi Instagram, ili ndi fomu yakeyake ya zimenezi. Lowani mu Help Center mulembe `copyright report form`. Fomuyo ikufunsani kuti ndinu ndani, linki ya chithunzi chanu choyambirira, ndi linki ya positi iliyonse yobedwa. Apa ndi pamene malinki munasunga aja agwire ntchito. Ikani onse, osati imodzi yokha, chifukwa amachotsa zimene mwaloza, ndipo akaunti yomwe yapezeka ikuba zinthu za ena mobwerezabwereza imatha kutsekedwa yonse.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Imagwira ntchito pa zithunzi zimene munajambula nokha kapena zimene muli ndi umwini wake. Zimene munapatsidwa ndi amene amakupikulitsani katundu, kapena munazitenga pa intaneti, musaziike, chifukwa pa fomuyo mumatsimikiza kuti zimene mwalembazo n'zoona. Komanso Meta imauza munthu wodandauliridwayo dzina la mwini zithunzi ndi imelo imene yalembedwa pa fomu. Choncho lembani imelo ya bizinesi, osati yanu yapanokha. Palinso fomu ina ya dzina ndi chizindikiro cha bizinesi, koma imeneyo imathandiza kwenikweni amene analembetsa chizindikiro chawo kuboma, poti imafunsa za kalembera ameneyo.

Mukangotulutsa chenjezo, yembekezerani alendo ena. Kubwera mauthenga odzitcha kuti ndi a Meta, akuti tsamba lanu litsekedwa mukapanda kudina linki n'kulemba pasiwedi. Kubweranso anthu m'makomenti olonjeza kuti achotsa tsamba labodzalo kapena abweza ndalama mukawalipira. Onsewa ndi akuba. Panopa wakubayo wangotengera tsamba lanu, sanalowemo, koma mukalemba pasiwedi pa linki yotero ndiye kuti mwamupatsa lenilenilo. Tsegulani lero lomwe Two-factor authentication, kuti pasiwedi yokha isakwanire kulowera, ndipo muone mndandanda wa anthu oyendetsa tsamba lanu ngati mulibe dzina lachilendo.

Mayi amene anaberedwa uja muimbireni foni, musangomulembera. Wakwiya chifukwa anakhulupirira dzina lanu, ndiye mumvereni kaye mpaka amalize. Kenako muthandizeni kuchita zinthu mwachangu, poti ndalama zotere sizikhalitsa pamalo amodzi. Aimbire banki kapena kampani imene anatumizira ndalamazo, apereke nambala ya umboni wa malipiro, nthawi yake ndi nambala yomwe inalandira, n'kupempha kuti aimitse ndalamazo ngati zisanatapidwe. Asafufute mauthenga. Kupolisi mupite limodzi ngati n'kotheka, inu ndi zithunzi ndi malinki anu, iye ndi umboni wa malipiro, ndipo mutenge nambala ya mlanduwo. Musamulonjeze kuti ndalama zibwerera, chifukwa nthawi zambiri zimavuta. Ngati mungafune kumupepesa ndi kanthu kena, zimenezo ndi za mtima wanu ndi thumba lanu, koma nenani momveka kuti ndi chifundo chabe, kuopa kuti ena angayambe kubwera ndi nkhani zopeka.

Tsambalo likachotsedwa, chenjezo lija musalitsitse msanga. Kamodzi pa sabata lembani dzina la bizinesi yanu pamalo ofufuzira, pa foni ya munthu wina, muyesenso ndi kadontho, kamzere ka pansi ndi nambala 0. Mukapeza latsopano, fomu ndi yomweyo, ndipo malinki a zithunzi zanu zoyambirira muli nawo kale.