Chifukwa chake kalulu amagonjetsa njovu ndi mvuu m'nthano

"Agogo anga ku Nsanje ankatisimbira nthano zambiri, koma pafupifupi m'zonse kalulu kapena fulu ndiye ankapambana nyama zikuluzikulu. Kodi zimenezi zimakhala choncho chifukwa chiyani?"

Zikomo, mbale wanga. Yankho limaoneka bwino tikayang'anitsitsa nthano imodzi, ya mpikisano wokokana chingwe. Kalulu anapita kwa Njovu kumtunda namuuza kuti angathe kumukokera m'madzi, kenaka anatsikira kwa Mvuu kumtsinje namuuza kuti angathe kumuvuulira kumtunda. Onse awiri anaseka navomera. Tsikulo litafika, anapatsa aliyense nsonga yake ya chingwe chimodzimodzicho, iye nabisala pakati m'mabango n'kugwedeza chingwecho kuti ayambe. Zimphonazo zinakokana mpaka kulefuka, aliyense akukhulupirira kuti akulimbana ndi Kalulu.

Taonani kuti Kalulu sanaonjezerepo mphamvu ngakhale pang'ono, popeza mphamvu zonse za m'nthanoyi ndi za Njovu ndi Mvuu. Chimene anali nacho yekha n'chakuti ankadziwa nsonga zonse ziwiri za chingwe, pamene anzakewo ankadziwa imodzi yokha. Aliyense amene anayendapo m'mphepete mwa Shire chakufupi ndi Chiromo, kumene bango limatalika kuposa munthu, amvetsa msanga kuti wakumtunda sangaone wam'madzi. Komabe bangolo palokha silikanakwanira. Njovu akanangotsatira chingwecho mapazi owerengeka, bodza lonse likanaululika, koma kutero kukanakhala kuvomereza kuti kanyama kameneka kamudetsa nkhawa, ndipo ulemu wake sukanamulola. Nyama yaing'ono, yozolowera kukhala tcheru, ikanapita kukasuzumira. Ine ndimaona kuti apa m'pamene pagona nkhani: ukulu ndiwo umachititsa chimphona kuleka kufunsa, ndipo Kalulu amalowera pampata umenewo.

Tikumbukirenso amene amamvetsera. Agogo akati "Padangotero," oyankha kuti "Tili tonse" ndi ana, ndipo mwana sangadziyerekeze ndi njovu pamudzi pamene aliyense amamuposa msinkhu. Nawonso makolo ake amadziwa kuti mvuu ikalowa m'dimba usiku, munthu salimbana nayo ndi manja, koma amasonkha moto ndi kuomba zitini.

Koma si zoona kuti kuchenjera kumapambana nthawi zonse. M'nthano ya chitsime, Kalulu anakana kukumba nawo pa chilala, n'kumabera madzi ponyengerera alonda ndi uchi mpaka kuwamanga. Amene anamugwira si Mkango kapena Njovu, koma Fulu, yemwe anadzipaka ulimbo pamsana nakhala chete pachitsimepo ngati mwala. Kalulu, atazolowera kupusitsa akuluakulu, anamupeputsa monga momwe Njovu anapeputsira iye, ndipo atamumenya ndi dzanja linakanirira, atamuponda ndi mwendo nawonso unakanirira, mpaka kunacha nyama zonse n'kumupeza ali pomwepo.