Kanema wa umboni wa masekondi 90: pulani iyambire pa chilolezo

"Anzanga a m'gulu muno, bungwe lathu limathandiza magulu a banki mkhonde a amayi ogulitsa nsomba ku Malindi ndi ku Makanjira m'boma la Mangochi. Otithandiza ndi ndalama akufuna kanema wamfupi wa maumboni woti apite limodzi ndi lipoti la chaka chino, ndipo pulani yake andiuza kuti ndilembe ine. Ndiyambire pati kuti nkhani zikhale zoona, zazifupi, koma osachotsa ulemu amayiwo?"

Achemwali, musanaganize za kamera, lembani chiganizo chimodzi pamwamba pa pepala: kanemayu akusonyeza kusintha kwanji, pa moyo wa ndani. Tinene kuti mwalemba kuti, "Mayi wina wa ku Malindi ankayanika usipa pamchenga, anakongola ndalama ku gulu, anakhoma thandala, pano usipa wake ulibe mchenga ndipo ukugulidwa pamtengo wabwinoko." Basi, nkhani ndi imeneyo. Munthu mmodzi, kusintha kumodzi. Mukaika amayi asanu m'mphindi ziwiri, aliyense adzangotsala ndi mawu oti "tikuthokoza bungwe," ndipo woonera sadzakumbukira nkhope ngakhale imodzi.

Mbali yaikulu ya pulani yanu ikhale ya chilolezo, ndipo pano ndichedwapo chifukwa ndi pamene ambiri timalakwira anthu. Mayi amene mlangizi wa bungwe amamuyendera mwezi ndi mwezi sangamukanire mlangiziyo pamaso. Adzavomera, pamene mumtima akuopa kuti akakana achotsedwa pa ndandanda. Choncho wokapempha chilolezo asakhale amene amagawa thandizo. Apite tsiku lina, wopanda kamera, akakhale nawo pakhonde awiriwiri, anene momveka kuti kukana sikusintha kalikonse pa ngongole kapena pa gulu. Akatero awasiye agone nayo nkhaniyo, afunsane ndi a kunyumba kwawo ngati akufuna. Kwa amfumu mudzapita ndithu, mwambo ndi umenewo, koma amfumu amakutsegulirani mudzi, savomera m'malo mwa munthu. Kusonkhanitsa amayi pansi pa mtengo n'kufunsa kuti "nonse mwavomera?" si chilolezo ayi.

Kunonso ambiri chilankhulo cha mumtima ndi Chiyao, makamaka mukalowera ku Makanjira ndi ku Namwera. Fomu ya chilolezo ya Chingerezi yodinda chala siteteza mayiyo, imangoteteza ofesi. Muwerengereni m'chilankhulo chimene wasankha yekha, kenako mumupemphe abwereze m'mawu ake zimene wamva. Akati "akuti akaonetsa mabwana ku Lilongwe," pamene inu mukufuna kuika pa Facebook, dziwani kuti sanamve. Tulutsani foni, mumuonetse kanema wa bungwe lina ali pa Facebook, mumuuze poyera kuti akangofika pa WhatsApp, mlamu wake wa ku Joni ndi mayi mnzake wa pamitala akhoza kumuona, ndipo inu simungathenso kumubweza. Pafomu mulekanitse mafunso: akuvomera nkhope ioneke? Dzina lenileni? Dzina la mudzi? Kanema apite kwa othandiza okha, kapena pa intaneti pomwe? Wina amavomera mawu, nkhope n'kukana, ndipo ndi ufulu wake.

Mupulanimo lembaninso zimene simudzajambula. Kugombe kuli nkhani zolemera, monga za amayi amene asodzi amawaumiriza kugona nawo kuti awagulitse nsomba, ndi za kachilombo. Mayi akamasuka akhoza kuzitchula yekha kamera ili chiyakire. Kutchula sikuti wakupatsani. Lamulo la 2018 lokhudza HIV ndi Edzi limaletsa kuulula mmene munthu alili m'thupi popanda chilolezo chake, ndipo lamulo la 2024 loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu limakhudzanso zimene mabungwe timasunga. Kuchuluka kwa ndalama zimene anagawana kumapeto kwa chaka musakutchule, chifukwa mukhoza kumuitanira akuba ndi ongongola. Ana nawonso amathamangira kamera. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndiye pamafunika chilolezo cha kholo, mwanayonso afune yekha. Ngati nkhani si ya ana, ingotembenuzani kamera asalowemo.

Tsopano kagawidwe ka nthawi. Ine ndingakonze masekondi 90 motere: 10 oyamba tione gombe ndi mayiyo ali pantchito, 20 afotokoze mmene zinalili kale, 35 anene zimene anachita, 15 anene chimene chikuvutabe, 10 omaliza dzina lake ndi la gulu. Onani kuti gawo lalikulu ndi la zimene iye anachita, osati za umphawi wake kapena za ubwino wa bungwe. Masekondi 15 a vuto lotsala musawachotse ngakhale abwana atanyinyirika. Mayi akanena kuti nthawi ya mvula usipa umawolabe pathandala, woonera amakhulupirira zina zonse zimene wanena.

Mafunso atatu kapena anayi akukwana, ndipo akhale otsegula pakamwa. "Tandiuzani za tsiku limene munakhoma thandala" limatulutsa nkhani ya nsungwi, ya mmisiri, ya amene anamuseka. "Moyo wanu wasintha chifukwa cha bungwe, eti?" limatulutsa "eya" wouma. Musamupatse mawu oloweza, ndipo musamuuze kuti avule chitenje chatsopano avale chakutha. Asankhe yekha chovala ndi malo okhala. Kucheza konse kusapitirire mphindi 20, chifukwa usipa wake sudikira. Mukamuchotsa pa malonda, mubwezereni ndalama ya nthawi yake kapena ya thiransipoti, koma munene pasadakhale kuti ndalamayo siidalira zimene anene.

Za tsiku lojambula ndingonena mwachidule. Pitani m'mamawa dzuwa lisanawawe. Nyengo ya mwera mphepo imadya mawu onse, ndiye mukhale kuseri kwa nyumba, maikolofoni yaing'ono muipanike pa bulauzi, ndipo mumvetsere pa mahedifoni musanachoke. Lachisanu masana anthu ali ku mzikiti, ndipo m'mwezi wa Ramadani musamuimike munthu wosala padzuwa. Mujambulenso manja akutembenuza usipa, beseni, buku la gulu litatsekedwa kuti maina a ena asawerengeke. Zimenezi ndi zophimbira pamene mwadula mawu.

Podula m'pamene bodza limalowera mwakachetechete. Mayi akati "ngongole inandithandiza koma chiwongoladzanja chinandipweteka," inu n'kudula pa "koma," mwamunamizira ndi mawu ake omwe. Mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi awaunike munthu wachiwiri wodziwa Chiyao, amene sanali nawo pojambula. Womasulira wachangu amasandutsa "tinkavutika" kukhala "tinkafa ndi njala."

Ndiye m'bajeti muikemo ulendo winanso, wobwerera ndi kanema wodulidwa kale. Msewu wa ku Makanjira ndi wautali ndipo mafuta ndi odula, n'chifukwa chake ulendowu umafunika kulembedwa mupulani pachiyambi, apo ayi sudzachitika. Mayiyo aonere pafoni ali yekha, kawiri ngati akufuna, amasuliridwe ndi mawu a m'munsi omwe. Akati chigawo china chichoke, chichoke. Mumusiyire nambala yoimbapo ndi tsiku lomaliza limene angasinthe maganizo, mwina sabata ziwiri lipoti lisanatumizidwe. Mulembenso kuti kanema adzagwiritsidwa ntchito kwa nthawi yaitali bwanji, monga zaka ziwiri, komanso kuti zojambula zonse zosadulidwa zidzasungidwa ndi ndani, pa kompyuta iti, n'kufufutidwa m'mafoni a ojambula. Konzekeraninso mayi wachiwiri amene wavomera kale m'njira yomweyi, kuti woyamba akakana pamapeto, musadzayambe kumunyengerera chifukwa tsiku la lipoti layandikira.