Manambala atatu oyendetsera shopu ya zipangizo za ulimi

"Alamu, mu shopu yanga ya zipangizo za ulimi ndimalemba zonse m'buku, koma ikafika nthawi yooda katundu ndimangolota. Manambala oti ndiziwayang'anitsitsa, aja amati makepiayi, ndisankhe ati?"

Alamu, ndamva. Ndikuyankheni pamawu pompano kuti enanso m'gulu muno amve nawo. Nambala iliyonse muyambe mwaifunsa kuti, ikakwera kapena kutsika, ine mawa ndichita chiyani chosiyana? Ikasowa yankho, isiyeni m'buku momwemo. Ndalama zonse zimene mwagulitsa pa tsiku, mwachitsanzo, zimasangalatsa kuziona, koma sizikuuzani choti muode kapena choti musiye. Ine ndingatenge atatu basi.

Yoyamba, ndipo iyi ndiye yaikulu, ndi masiku amene katundu wotsala angakufikitseni. Mumawerengera mtundu uliwonse pawokha. Tinene kuti muli ndi matumba 160 a feteleza ndipo sabata yathayi mumagulitsa matumba 8 pa tsiku. Gawani 160 ndi 8, mupeza masiku 20. Tsopano amene mumaodako amatenga masiku angati kuti katundu afike? Tinene 10. Onjezerani masiku 4 oti mwina galimoto ichedwa, akwana 14. Chulukitsani 14 ndi matumba 8 aja, mupeza 112. Ndiye kuti matumba akangotsika kufika pa 112, imbani foni tsiku lomwelo, musadikire kuti muone pansi poyera.

Nambala yomweyi imagwiranso ntchito mbali inayo, ndipo pa mbewu m'pamene imapulumutsa ndalama. Muli ndi mapaketi 90 a mbewu, akutuluka awiri pa tsiku, ndiye masiku 45. Koma nthawi yodzala yatsala ndi masiku 20 okha. Mugulitsa 40, ndipo 50 akutsalirani m'manja. Mbewu sili ngati khasu loti lidikira chaka chamawa, ikakhalitsa, makamaka potentha kapena pa chinyezi, kameredwe kake kamatsika, ndipo mlimi akadzala n'kusamera sabweranso kwa inu. Choncho mukaona masiku a katundu aposa masiku otsala a nyengo, tsitsani mtengo lero anthu akadali kufuna, kapena bwezani ngati munagwirizana choncho ndi okuodetsani. Mankhwala ophera tizilombo chimodzimodzi, kungoti pamenepo mumayerekeza ndi tsiku lothera mphamvu lolembedwa pabotolo.

Pali misampha iwiri, mundimvetse bwino apa. Musagwiritse ntchito malonda a mwezi wonse, tengani a masiku 7 apitawa, chifukwa bizinesi imeneyi imatsata nyengo ndipo sabata ziwiri zotsatizana zimatha kusiyana kutalitali. Wachiwiri, katundu akatha buku limaonetsa ngati sakuyenda, chonsecho anthu amabwera n'kubwerera chimanjamanja. Ikani kapepala pakauntala, aliyense wofunsa chinthu chomwe mulibe muzichonga.

Nambala yachiwiri ndi phindu lenileni pa mtundu uliwonse wa katundu. Mwaoda chinthu pa 100, mwagulitsa pa 115, mumtima mukuti ndapindula 15. Koma thiransipoti, onyamula ndi matumba obooka zadya 6, ndiye mwatsala ndi 9. Musathamangire kunena kuti 9 ndi wochepa, muone kaye kuti ndalamayo ikubwerera kangati. Ngati katunduyo amatha pa sabata ziwiri zilizonse, pa sabata 12 ndalama yanu yazungulira kasanu ndi kamodzi, yabala 54. Pomwe mpope wopopera mankhwala wopatsa 30 pa 100, ukagulidwa kamodzi pa sabata 12 zomwezo, wabala 30 yekha. Ndalama zoodera zikachepa, nambala imeneyi ndi imene ikuuzeni choyamba kugula, komanso katundu woti muzingosunga mmodzi kapena awiri.

Yachitatu ndi ngongole zimene zapitirira tsiku lolonjezana. Osati ngongole zonse ayi, zopitirira tsiku zokha. Alimi ambiri amafuna kulipira akakolola, pomwe okuodetsani amafuna zawo msanga, ndiye shopu imatha kuoneka yopindula m'buku koma m'kabati mulibe choodera. Dziikireni malire nokha, mwina kuti zochedwazo zikafika gawo limodzi mwa magawo asanu a ngongole zonse, simukongozanso wina mpaka zitatsika. Malirewo muwalembe nyengo isanayambe, chifukwa munthu womudziwa akaima pamaso panu n'kovuta kuganiza bwino.

Musavutike kuwerengera katundu yense wa mu shopu. Yambani ndi mitundu khumi imene yamanga ndalama zanu zambiri. Masiku a katundu ndi ngongole muziona sabata iliyonse, tsiku limodzi lokhazikika, ndipo phindu muziliwerengeranso mtengo woodera kapena wa thiransipoti ukasintha. Mujambule masamba a sabata yathayi munditumizire, pamodzi ndi kuchuluka kwa katundu amene watsala, tiwerengere limodzi mitundu itatu yoyamba.